"Ndinawapeza ali pansi": kalembedwe ka lipoti wodwala akagwa usiku m'wodi

Namwino wina wachitsikana, yemwe wangoyamba kumene kugwira ntchito ya usiku, anandionetsa fomu imene anadzaza wodwala atagwa m'wodi mwake. Pamalo pofotokoza zomwe zinachitika panali ziganizo ziwiri zokha. Anazilemba m'Chingerezi monga mafomu athu amafunira, koma tanthauzo lake linali ili: "Wodwala anagwa pabedi chifukwa chosamvera malangizo. Gadiyani anali mtulo, ndipo a kiliniko anachedwa kubwera."

Ndinamufunsa kuti, "Sisitala, munawaona akugwa pabedipo?" Iye anati ayi, anangomva phokoso. "Nanga malangizo amene sanawamverewo, anawapatsa ndani, nthawi yanji?" Anakhala chete pang'ono, kenako anati masana anzake amawauza odwala onse kuti asamadzuke okha. "A kiliniko munawaimbira nthawi yanji, ndipo anafika nthawi yanji?" Nthawizo ankazikumbukira bwinobwino, koma sanazilembe.

Mtsikanayu sankafuna kunamizira munthu. Anali ndi mantha, anali atatopa, ndipo palibe amene anamuphunzitsapo kuti pafomu imeneyi pamafunika mawu otani. Ambiri a ife tinayamba chimodzimodzi. M'ziganizo ziwirizo munali anthu atatu olozedwa chala, koma munalibe nthawi ngakhale imodzi, munalibe muyeso wa thupi, munalibenso mawu a wodwala mwiniyo. Pansipa ndigwiritsa ntchito nkhani yomweyi, nditasintha zina ndi zina kuti wodwala ndi chipatala asadziwike.

## Lipotili n'chiyani, ndipo amaliwerenga ndani

Lipoti la ngozi ndi fomu imene wantchito wa zaumoyo amadzaza pakachitika chinthu chosayembekezereka chimene chavulaza wodwala, kapena chimene chikanatha kumuvulaza. Zipatala zambiri kuno kwathu zimagwiritsa ntchito pepala kapena buku. Abale athu amene akugwira ntchito m'zipatala za ku Britain amalemba pakompyuta, nthawi zambiri mu pulogalamu yotchedwa Datix. Chida chimasiyana, koma mafunso ndi omwewo: chinachitika n'chiyani, kuti, nthawi yanji, wodwala anapezeka ali bwanji, ndipo munachitapo chiyani.

Lipotili ndi losiyana ndi fayilo ya wodwala. Fayilo imawerengedwa ndi anthu amene akupitiriza kuchiza munthuyo, choncho kugwa, zimene munapeza pomuyeza ndi chithandizo chimene munapereka ziyenera kulembedwamonso. Lipoti limapita kwa wamkulu wa wodi, kwa metroni ndi kwa gulu loona za ubwino wa chithandizo. Iwowa amaliwerenga pamodzi ndi malipoti ena a miyezi ingapo pofuna kuona ngati pali chimene chikubwerezabwereza. Lipoti limodzi lonena kuti munthu anapezeka pansi pafupi ndi khomo la kuchimbudzi ndi nkhani ya usiku umodzi. Malipoti asanu otchula khomo lomwelo, maola omwewo ndi babu lomwelo losayaka ndi umboni woti wamkulu wa wodi angautengere kwa oyendetsa chipatala. Koma ngati malipoti asanuwo onse akungoti "wodwala sanamvere", khomo ndi babu sizidzaoneka konse.

Kubwalo la amfumu, mboni imaima n'kunena zimene inaona ndi zimene inamva. Kugamula ndi kwa amfumu ndi nduna zawo, atamva mbali zonse. Mboni ikayamba ndi mawu akuti "wolakwa ndi uyu", akuluakulu amaibweza kuti, "Inu tangonenani zimene munaona." Namwino wolemba lipoti ndi mboni yoteroyo. Kufufuza chimene chinachititsa ngozi kumadza pambuyo, ndipo kumachitika ndi anthu amene ali ndi tchati cha mankhwala, ndandanda ya antchito ndi zotsatira za ekisire patsogolo pawo. Pa 02:00 usiku namwino alibe zonsezi.

## Kugwa ndi kupezeka pansi si chinthu chimodzi

Bungwe la WHO limati kugwa ndi pamene munthu wafika pansi, kapena pamalo ena otsika, mosafuna. Mwa tanthauzo limeneli, wodwala amene watsetsereka pampando n'kukhala pansi wagwa, ngakhale asavulale. Amene miyendo yamufooka akuyenda, inu n'kumugwira n'kumutsitsa pang'onopang'ono, nayenso amalembedwa, ndipo mumafotokoza kuti munamutsitsa ndinu.

Vuto la usiku ndi lakuti kugwa kwambiri kumachitika popanda wantchito woona. Chimene namwino amaona ndi mapeto ake: munthu ali pansi. Ngati simunaone, mawu oyenera ndi akuti "ndinawapeza ali pansi", kenako mufotokoze malo ake enieni ndi m'mene anagonera. Mukalemba kuti "anagwa pabedi" mwatseka njira zina zonse. Mwina munthuyo anatsika bwinobwino, anayenda masitepe atatu, kenako chizungulire chinamugwira. Mwina anaterereka. Mwina anakomoka kaye asanagwe. Njira iliyonse ili ndi mankhwala ake: woterereka amafuna pansi pouma, wokomoka amafuna kuyezedwa mtima ndi shuga, wogubuduzika pabedi amafuna bedi lotsika. Woweruza nkhaniyo m'mawa akawerenga kuti "anagwa pabedi" akhoza kulamula kuti bedi liikidwe zitsulo zam'mbali, chonsecho vuto linali kutsika kwa bipi poimirira, ndipo kwa munthu wosokonezeka maganizo zitsulozo zimachititsa kuti akwere pamwamba pake n'kugwa kuchokera patali.

Pali chifukwa chinanso chachipatala. Kugwa kosaonedwa ndi munthu kumatengedwa ngati kuti mutu unagunda, kufikira zitatsimikizika kuti sunagunde. Mawu oti "palibe wantchito amene anaona" ndi amene amauza aliyense wowerenga kuti wodwalayu anafunika kuyezedwa za ubongo mobwerezabwereza.

## Pamene Chichewa chathu chimalowetsa mlandu m'chiganizo

Fomu timadzaza m'Chingerezi, koma nkhani timaimva ndi kuiganiza m'Chichewa, ndipo mlandu umalowera pomwepo. Taonani mneni mmodzi yekhayu. "Anagwa" sakunena za wolakwa. "Anadzigwetsa" akuti wodwala anachita dala. "Anamugwetsa" akuti pali wina amene anachititsa. Timphatikizo tating'onoting'ono timeneti timasintha nkhani yonse, ndipo m'kukambirana kwa m'wodi timatuluka mosaganizira: "Agogo aja adzigwetsa." Mawu amenewa akafika pafomu amasanduka chiweruzo choti wodwala anachita mwadala, chinthu chimene palibe anachiona.

Mawu akuti "kugwa" ali ndi msampha winanso. Pakati pathu, "matenda akugwa" ndi khunyu. Gadiyani akati "amagwa kunyumba", funsani kuti akutanthauza chiyani: amapunthwa, kapena amagwa n'kumaphupha, thovu kukamwa? Mukamasulira mwachangu mutha kutaya chizindikiro chachikulu kwambiri pa nkhani yonseyo.

Chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti mawu a wodwala alembedwe m'mene wawanenera, m'chilankhulo chake, pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa, ndipo kumasulira kutsatire pambuyo. "Ndinangoona mdima", "miyendo inangofooka", "phazi linakodwa", "pansi panali poterera": ziganizo zinayizi zikuloza ku zinthu zinayi zosiyana. Zikaphwanyidwa zonse kukhala "wodwala akuti anagwa", dokotala wataya chomuthandiza.

Chichewa chilinso ndi chida chabwino chimene tiyenera kuchitengera pafomu, ndicho "akuti". Tikamacheza timasiyanitsa bwino chimene taona ndi chimene tamva: "wapita kumsika" ndi "akuti wapita kumsika". Lipoti labwino limasunga kusiyana kumeneku m'chiganizo chilichonse, ndipo limatchula mwini mawu: wodwala anati, mwana wawo anati, wodwala wa pabedi loyandikana anati.

Kenako pali mawu oweruza khalidwe: wamakani, wosamva, wovuta, wosasamala, waulesi. Pali ena ooneka ngati achipatala koma ali chiweruzo chomwecho, monga "wosokonezeka" atalembedwa okha popanda umboni. M'malo mwake lembani chimene munaona. Ngati wodwala sanathe kutchula kumene ali kapena tsiku, lembani kuti munamufunsa ndipo anayankha kuti ali kumudzi kwawo. Ngati anakana chiwiya chokodzeramo, lembani nthawi imene munamupatsa ndi mawu amene anayankha. "Anakana" ndi chochitika chimene munachimva ndi makutu anu. "Sanamvere" ndi maganizo anu pa iye.

Mawu amene ndimawayang'ana koyamba ndikamawerenga fomu ndi "chifukwa". Nthawi zambiri chimene chimatsatira "chifukwa" ndi kulingalira kwa wolemba. Pafupi naye pali "akanati", "anayenera" ndi "mwachidziwikire". Mukawapeza m'zolemba zanu, imani n'kudzifunsa ngati zimenezo munaziona.

## Usiku wa pabedi 14

Wodwalayo anali bambo wa zaka 72, wogonekedwa ndi vuto la mtima, miyendo itatupa. Ankalandira fulosemayidi, mankhwala ochotsa madzi m'thupi amene ambiri timawatchula kuti lasikisi. Munthu akamwa, mkodzo umayamba kuchuluka ola lisanathe, ndipo mphamvu yake imatha kufika maola asanu ndi limodzi. Usiku umenewo m'wodi munali odwala 38, namwino mmodzi ndi wothandizira mmodzi.

Namwino ali pabedi lina kusintha diripi, anamva kugunda. Atathamangira ndi tochi anapeza abambowo ali pansi. Anagwada n'kuwagwira paphewa.

"Abambo, mukundimva? Musadzuke kaye. Chachitika n'chiyani?"

"Mwana wanga, ndimafuna ndikataye madzi. Nditaimirira ndinangoona mdima."

"Mukumva kupweteka pati? Khosi likupweteka?"

"Khosi ayi. M'chiunomu, mbali iyi."

Ataganiziranso bwino, mtsikana uja analembanso gawo lofotokozalo. Nali m'Chichewa:

"01:10: Poyendera wodi ndinaona wodwala ali mtulo pabedi 14, neti itatsitsidwa. 01:40: Ndili pabedi 3 ndinamva kugunda. Ndinapeza wodwala ali pansi pakati pa bedi 14 ndi 15, atagonera kumanzere, mutu kuloza kukhomo la kuchimbudzi. Palibe wantchito amene anaona kugwako. Mbali ina ya neti inali itakulunga phazi lamanja. Anali wopanda nsapato. Pansi panali ponyowa kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo, ndipo zovala zawo zinali zonyowa ndi mkodzo. Babu la mbali imeneyo ya wodi silinali kuyaka. Linalembedwa m'buku la zowonongeka masiku anayi apitawo. Chiwiya chokodzeramo chinali kunsi kwa bedi, chodzaza.

Wodwala anati: 'Ndimafuna ndikataye madzi. Nditaimirira ndinangoona mdima.' Sakukumbukira ngati mutu unagunda. Wodwala wa pabedi loyandikana anati anawaona ataimirira atagwira chitsulo cha bedi asanagwe. Mwana wawo wamwamuna, amene akuwadikirira, anali pakhonde ndipo anafika 01:45, anati sanaone.

Ndinawayeza ali pansi pomwepo. Anali maso, anatchula dzina lawo, malo ndi mwezi molondola. Glasgow 15 pa 15. Timadontho takuda ta m'maso tofanana, tikuchepa pounika. Bala la masentimita 3 pamwamba pa diso lamanzere, likutuluka magazi pang'ono. Akumva kupweteka m'chiuno kumanzere. Miyendo ndi yofanana kutalika, phazi silinatembenukire kunja, akutha kukweza miyendo yonse. Khosi silikupweteka. Bipi 104/62, kugunda kwa mtima 96, mpweya m'magazi 94%, kutentha 36.8, shuga 5.8. Sali pa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi. Fulosemayidi 40 mg wolembedwa 18:00 ndinapereka 21:30.

Ndinatsuka ndi kumanga bala. 01:50: Ndinaimbira kiliniko wa usiku. 02:15: Anafika, anawayeza, ndipo tinawabwezera pabedi anthu atatu. Analamula ekisire ya m'chiuno m'mawa, panado, ndi kuyeza za ubongo mphindi 30 zilizonse. 02:30: Ndinafotokozera mwana wawo zimene zachitika. Ndinasamutsira wodwala pabedi 2, pafupi ndi tebulo la anamwino, ndipo ndinaika chiwiya chopanda kanthu pamene angachifikire. 02:40: Ndinadziwitsa woyang'anira chipatala usiku."

Lipotili ndi lalitali kuposa loyamba lija, koma mulibe chiganizo chimene wina angachitsutse. Gadiyani alimo, a kiliniko alimo, namwino mwiniyo alimo, ndipo palibe amene wapatsidwa mlandu.

## Manambalawa akuyankha mafunso ati

Muyeso uliwonse m'lipotimu uli ndi ntchito. Sikelo ya Glasgow, imene madokotala awiri a mumzinda wa Glasgow anaifalitsa mu 1974, imayeza kutsegula maso, kulankhula ndi kuyendetsa thupi, ndipo imayambira pa 3 kufika pa 15. Nambala imene mwapeza pa muyeso woyamba ndi imene ena onse adzayerekezerepo. Magazi akamatuluka pang'onopang'ono mkati mwa mutu, makamaka kwa okalamba ndi kwa amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga wafarini, munthu amatha kuoneka bwinobwino poyamba n'kuyamba kuwodzera, kusanza kapena kusokonezeka patapita maola. Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE ku England amati wovulala m'mutu amene ali pa 15 ayezedwe mphindi 30 zilizonse kwa maola awiri, kenako ola lililonse kwa maola anayi, kenako maola awiri aliwonse. Chipatala chanu chikhoza kukhala ndi ndondomeko yakeyake, ndipo mutsate imeneyo. Pafomu lembani ndondomeko imene yalamulidwa, ndipo ngati muyeso wina unadumphidwa, nenani kuti unadumphidwa.

Za miyendo zikuyankha funso la kuthyoka kwa fupa la m'chiuno. Chizindikiro chodziwika ndi mwendo wofupika, phazi litatembenukira kunja. Mawu oti "ndinawayeza ali pansi pomwepo" akusonyeza kuti sanadzutsidwe asanaonedwe, pakuti kunyamula munthu wothyoka chiuno kapena wovulala khosi m'khwapa kumawonjezera kuvulala. Onaninso kuti namwino sanalembe kuti "sanathyoke" kapena "sanavulale". Fupa likhoza kung'aluka mwendo osafupika. Analemba zimene anaona, ndipo yankho analisiyira ekisire. Ngakhale pamene simukuona bala lililonse, mawu oona ndi akuti "sindinaone bala kapena kutupa pa nthawi imene ndinawayeza", chifukwa kutupa ndi kuda kwa khungu kumatha kuonekera mawa lake.

Shuga akuchotsa chikaiko choti mwina anakomoka ndi kutsika kwa shuga. Bipi ya 104/62 munthu atagona siikunena zonse. Mawu aja akuti "nditaimirira ndinangoona mdima" ndi amene anachititsa kuti m'mawa, ekisire itasonyeza kuti fupa lili bwino, awayeze atagona kenako ataimirira. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena yapansi ndi 10, m'mphindi zitatu zoyamba munthu ataimirira, ndiye kuti bipi yake imagwa poimirira. Abambowa anachoka pa 110/66 kufika pa 86/58. Dokotala anaunikanso mlingo wa mankhwala ndi nthawi yomwera. Lipoti loyamba lija, lonena za kusamvera malangizo, silikanafikitsa aliyense pa muyeso umenewu.

## Zoona zimene zikuoneka ngati zikuloza munthu

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Ena amamva kuti "musaloze chala" n'kuganiza kuti ayenera kubisa chilichonse chochititsa manyazi. Amachotsa za mankhwala ochedwa, za babu, za chiwerengero cha antchito, n'kutsala ndi lipoti loyera koma lopanda kanthu. Kumeneko ndi kubisa, ndipo n'koopsa kuposa kuloza chala. Kulemba mopanda mlandu kumatanthauza kuchotsa chiweruzo n'kusiya chochitika chili chonse pamalo pake.

Tengani za a kiliniko. "Anachedwa kubwera" ndi chiweruzo, chifukwa namwino sankadziwa kuti pa mphindi 25 zimenezo munthuyo anali kuti. Mwina anali kuchipinda cha ngozi ndi mwana wokomoka. "Ndinaimba 01:50, anafika 02:15" ndi zoona zokhazokha, ndipo wofufuza adzaona yekha ngati nthawiyo ndi yaitali, n'kufunsa chifukwa chake. Mukanaimba katatu osayankhidwa, mukanalemba nthawi zonse zitatu.

Za gadiyani ndimazimva kwambiri mumtima. M'zipatala zathu odikirira odwala amasenza ntchito yaikulu: kudyetsa, kusambitsa, kuperekeza kuchimbudzi, kwinaku akugona pasimenti masiku ambirimbiri. Sali pantchito ndipo sanaphunzitsidwe. Kulemba kuti "anasiya wodwala yekha" ndi kumusenzetsa udindo umene ndi wa chipatala. Lembani kumene anali ndi nthawi imene anafika. Ngati wodi ili ndi lamulo loti odikirira agone kunja usiku, lembaninso lamulolo, chifukwa nalo ndi gawo la nkhani.

Chovuta kwambiri ndi cha inu mwini. Mtsikana uja anafuna kuchotsa mzere wa fulosemayidi, chifukwa ndiye anapereka mochedwa. Kenako anafuna kulemba kuti, "Ndinalakwitsa popereka mankhwala mochedwa, ndipo ndi zimene zinachititsa." Zonse ziwiri sizoyenera. Kuchotsa n'kunama, ndipo tchati cha mankhwala chili ndi siginecha yake pa 21:30. Kudziweruza nakonso n'kulingalira, pakuti sakudziwa ngati abambowo sakanadzuka usiku ngakhale akanamwa pa 18:00. Choyenera ndi nthawi ziwirizo. Ngati pali chochitika chofotokoza mpatawo chimene iye anachiona yekha, achilembe ngati chochitika: "Kuyambira 17:45 mpaka 21:00 ndinali kuthandiza odwala awiri amene anadwalika mwadzidzidzi." Ndipo alembe ndi "ndina-". Chiganizo chobisa wochita, monga "mankhwala anaperekedwa", chimasiya wowerenga akufunsa kuti ndi ndani, ndipo chimaoneka ngati kuzemba ngakhale pamene simukuzemba.

Chiwerengero cha antchito chimalowa chimodzimodzi: odwala 38, namwino mmodzi, wothandizira mmodzi. Osawonjezera kuti "monga mwa nthawi zonse akuluakulu satimva". Dandaulo limenelo likhoza kukhala loona, ndipo lili ndi malo ake kumsonkhano wa wodi, koma pafomuyi limapatsa wowerenga mpata wokambirana za mkwiyo wanu m'malo mwa manambala. Mafomu ena ali ndi bokosi lapadera lofunsa zimene mukuganiza kuti zinathandizira ngoziyo. Mmenemo mutha kulemba maganizo anu, mutawatchula kuti ndi maganizo: kuwala kochepa, neti, kufuna kukodza mwachangu, bipi.

Pa mayina, mafomu ambiri ali ndi malo ake olembapo dzina la wodwala ndi la antchito. M'nkhani yofotokozayo gwiritsani ntchito maudindo, monga "kiliniko wa usiku" kapena "wothandizira", ndipo wodwala wina amene anaona musamutchule dzina, chifukwa gawo limeneli limawerengedwa ndi anthu ambiri.

Ndinenenso malire ake. Mawu opanda mlandu sakutanthauza kuti palibe amene adzafunsidwe. Ngati wantchito anachoka pamalo a ntchito popanda chilolezo kapena anabwera ataledzera, kufufuza kudzafika pamenepo, ndipo akuluakulu a chipatala kapena khonsolo ya anamwino ndi azamba ali ndi njira zawo. Ngakhale zikatero, gawo la wolemba ndi lomwelo: "Kuyambira 00:30 mpaka 01:45 sindinamuone m'wodi, ndinamuimbira kawiri."

## Kukacha

Lembani musanaweruke. Nthawi zimasokonekera msanga m'mutu mwa munthu amene sanagone, ndipo mukangokambirana ndi anzanu, zimene munaona zimayamba kusakanikirana ndi zimene mwamva. Anamwino ambiri amalemba nthawi ndi miyeso pakapepala ka m'thumba zinthu zili mkati, n'kudzaza fomu wodwala atakhazikika. Ngati nthawi ina simukuitsimikiza, lembani kuti "cha m'ma 01:40". Anthu awiri akakhala kuti anaona mbali zosiyana, aliyense alembe yake payekha, osagwirizana kaye chonena.

Mukalakwitsa papepala, dulani ndi mzere umodzi woti mawu akale aziwerengekabe, lembani olondola pambali, sainani ndi kuika tsiku. Osafufuta, osapaka utoto woyera, osang'amba tsamba. Mukakumbukira chinthu pambuyo pake, chilembeni ngati chowonjezera, ndi tsiku ndi nthawi imene mukulembayo. Fomu yoyamba ya mtsikana uja sinatayidwe. Inakhalabe m'fayilo ya malipoti, ndipo yachiwiri inamangiriridwa pamwamba pake ndi mawu ofotokoza kuti yalembedwa tsiku lotsatira.

Mlingo wa kuvulala nawo umatha kusintha. Usiku munalemba bala laling'ono, koma ekisire ikasonyeza kuthyoka kapena wodwala akayamba kuwodzera masana, lipoti liyenera kuwonjezeredwa, ndipo ngoziyo imakwera kukhala yaikulu yofuna kufufuzidwa mozama. Chifukwa chake popereka ntchito kwa a m'mawa, nenani momveka kuti kugwako sikunaonedwe, muyeso womaliza wa Glasgow unali wotani, ndipo wotsatira uyenera kuchitika nthawi yanji.

Kulankhula ndi achibale ndi ntchito ina, ndipo kumafuna mawu ofunda kuposa a pafomu. Ku England lamulo la mu 2014 limakakamiza zipatala ndi nyumba zosamalira okalamba kuuza wodwala kapena abale ake zoona ndi kupepesa pakachitika ngozi yovulaza kwambiri, ndipo kupepesako sikutengedwa ngati kuvomera mlandu. Kwathu kuno "pepani" ndi mawu amene timanena ngakhale munthu akapunthwa yekha panjira, choncho palibe chifukwa chowaumira. Mtsikana uja anauza mwana wa abambowo kuti, "Achimwene, pepani kwambiri, abambo tawapeza ali pansi cha m'ma 01:40. Ali ndi bala pamwamba pa diso ndipo akumva kupweteka m'chiuno. A kiliniko awaona, m'mawa apita ku ekisire, ndipo usiku wonse ndiziwadzutsa pafupipafupi kuti ndiwayeze. Mukaona akusanza kapena akulankhula zosamveka, mundiitane msanga." Mnyamatayo anafunsa ngati zachitika chifukwa iye anagona. Namwino anayankha kuti chimene chachititsa sichinadziwike, ndipo akuluakulu a wodi akaunika zonse adzawafotokozera. Pafomu analembapo nthawi ya kukambiranako, amene anauzidwa, ndi funso limene anafunsa.